Ganyu pa viza ya sukulu ku UK: maola 20 amawerengedwa bwanji?

Wophunzira amene ali ku UK pa viza ya sukulu, ndipo akuchita digiri yoyamba, masitazi kapena PhD pa yunivesite yovomerezeka, amaloledwa kugwira ntchito maola osapitirira 20 pa sabata nthawi imene sukulu ili mkati. Amene akuchita maphunziro osafika pa digiri malire ake ndi maola 10, ndipo alipo ena amene saloledwa n'komwe. Musadalire zimene mnzanu wa m'nyumba wakuuzani, chifukwa viza yake ikhoza kusiyana ndi yanu. Lowani mu akaunti yanu ya UKVI, nthambi ya boma yoona za maviza, mutsegule eVisa, viza yanu ya pa intaneti, muwerenge zimene zalembedwa pa nkhani ya ntchito.

Nambala ya 20 aliyense amaidziwa. Chimene chimagwetsa anthu ndi kawerengedwe kake. Ku Home Office, unduna woona za olowa ndi otuluka m'dziko la UK, sabata ndi masiku 7 oyambira Lolemba kukathera Lamulungu pakati pa usiku, ndipo sabata iliyonse imaima payokha. Simungagwire maola 25 sabata ino n'kumati sabata yamawa mugwira 15 kuti zifanane. Komanso maolawo ndi a ntchito zanu zonse pamodzi, osati a bwana mmodzi. Bwana aliyense amangoona ndandanda yake, ndiye wophatikiza ndi inuyo.

Tiyerekeze mtsikana wa masitazi amene ali ndi maganyu awiri. Lachitatu amagwira maola 8 m'sitolo. Lamulungu amalowa shifiti ya usiku kunyumba yosamalira okalamba, kuyambira 8 koloko madzulo mpaka 8 koloko m'mawa wa Lolemba. Shifiti imeneyi ndi ya maola 12, koma imagawika pawiri: maola 4 amagwera m'sabata imene ikutha, 8 m'sabata imene ikuyamba. Zikamayenda chonchi sabata ndi sabata, amakhala ndi 8 a Lolemba, 8 a Lachitatu ndi 4 a Lamulungu, onse pamodzi 20 ndendende. Palibe cholakwika, ngakhale kuti wayenda m'mphepete mwenimweni.

Tsiku lina mnzake akumupempha kuti asinthane, iye alowe Lachisanu usiku m'malo mwa Lamulungu likubweralo. Kwa iye palibe chasintha, usiku ndi umodzi womwewo. Koma tawerengani. Lolemba m'mawa anagwira kale maola 8, Lachitatu 8, ndipo shifiti ya Lachisanu yonse, maola 12, yagwera m'sabata yomweyo. Akwana 28. Sabata yotsatira adzangogwira 12, koma zimenezo sizifufuta kanthu. Waphwanya lamulo la viza yake chifukwa chongofuna kuthandiza mnzake.

N'chifukwa chake ine ndimalangiza kuti musamavomere ndandanda yofika 20 yeniyeni. Imani pa 18 kapena 19. Wokulandirani shifiti akachedwa ndi theka la ola, kapena abwana akakuitanani ku maphunziro a pantchito, nthawi imeneyo ndi ya ntchito ndithu, ndipo imafuna pokhala. Khalani ndi kabuku kapena tsamba pa foni lolembapo ola lolowera ndi lotulukira, mizere yake yoyambira Lolemba, ndipo muzifananitsa ndi pepala la malipiro likabwera.

Pa tchuthi mumaloledwa kugwira maola onse, koma tchuthicho ndi chimene yunivesite yanu yalemba pa kosi yanuyo, osati nthawi imene inu mwaona kuti makalasi atha. A masitazi ambiri amapunthwa apa. Miyezi ya Juni mpaka Sepitembala anzawo a digiri yoyamba amakhala ali pa tchuthi, pomwe iwo akulemba kafukufuku wawo womaliza, ndipo mayunivesite ambiri amaiwerenga nthawi imeneyo ngati sukulu ili mkati. Malire a 20 amakhala alipobe ngakhale simukupondanso m'kalasi. A PhD nawo alibe tchuthi cha chilimwe, amangokhala ndi masiku opuma amene agwirizana ndi yunivesite. Pemphani kalata ya masiku a teremu ndi a tchuthi, mupereke kwa abwana. Lamulo limafuna kuti iwo aisunge, ndipo bwana amene sakuifunsa n'komwe muzimukayikira.

Tsopano mtundu wa ntchito. Simuloledwa kudzilemba nokha ntchito kapena kuchita bizinesi, kukhala katswiri wa masewera kapena mphunzitsi wake wolipidwa, kusangalatsa anthu pa malipiro monga woimba, kapena kutenga ntchito yokhazikika ya tsiku lonse. Choletsa choyambacho ndiye chovuta kwa ife. Kwathu geni ndi moyo, ndipo kuluka tsitsi Loweruka, kuphikira anthu pa ukwati kapena kuitanitsa zitenje n'kumagulitsa pa WhatsApp sitikuona ngati ntchito. Pa viza iyi zonsezo ndi bizinesi, ngakhale zitangotenga ola limodzi. Chimodzimodzi kuperekera zakudya pa njinga kudzera m'makampani a pa foni amene amawatenga operekerawo ngati odziimira paokha. Njira yodziwira ndi yosavuta: funsani ngati mudzalipidwa kudzera mu PAYE, kumene bwana amadula yekha msonkho n'kukupatsani pepala la malipiro. Akakuuzani kuti muzilemba nokha kalata yolipiritsa, kapena kuti mukalembetse ku HMRC, bungwe lotolera misonkho, ngati wodziimira panokha, ikaneni ntchitoyo.

Musanayambe ntchito iliyonse, tengani share code pa gov.uk, nambala imene imagwira ntchito masiku 90, mupatse abwana pamodzi ndi tsiku lanu lobadwa kuti aone okha chilolezo chanu. Pemphaninso nambala ya National Insurance, imene boma limakudziwirani pa nkhani za msonkho. Dziwani kuti malipiro a PAYE amanenedwa ku HMRC nthawi iliyonse imene mwalipidwa, choncho mabwana awiri amene sadziwana amakumana m'mabuku a boma pa dzina lanu. Ena pofuna kuzemba zimenezi amalandira ndalama pamanja, koma kutero sikuchotsa mlandu wa maola, kumangowonjezera wa msonkho.

Pa zoyenera kunena, udindo uli pawiri. Inu muyenera kuonetsetsa kuti yunivesite ili ndi adiresi, foni ndi imelo yanu yatsopano, ndipo mukasintha pasipoti mukonze mu akaunti ya UKVI. Lamulo loti ophunzira ena azikalembetsa kupolisi linatha mu 2022. Yunivesite nayo imakakamizidwa kunena ku Home Office, kawirikawiri pasanathe masiku 10 ogwira ntchito, mukasiya sukulu, mukaimitsa maphunziro kapena mukamaliza msanga. Imanenanso mukaleka kuoneka m'makalasi, ndiponso ikadziwa kuti mukuphwanya malamulo a viza. Mukaimitsa maphunziro musaganize kuti mwapeza mpata wa ganyu, chifukwa chilolezo cha ntchitocho chimatsamira pa kuphunzira kwanu, ndipo nthawi zambiri viza imafupikitsidwa kufika masiku 60. Zikatero auzeni abwana msanga.

Kupitirira maola ndi mlandu pansi pa lamulo la Immigration Act 2016. Viza ikhoza kuthetsedwa, malipiro kulandidwa, ndipo pempho lanu la viza ina, monga ya Graduate imene ambiri amaiyembekezera akamaliza, likhoza kukanidwa. Bwana naye, kuyambira Febuluwale 2024, akhoza kulipitsidwa mpaka mapaundi 45,000 pa wantchito mmodzi ulendo woyamba, ndiye musayembekezere kuti adzakubisani. Mukazindikira kuti mwadutsa malire, lekani maola owonjezerawo pomwepo, sonkhanitsani mapepala a malipiro ndi ndandanda za mashifiti, ndipo musanapereke pempho lina lililonse la viza kaonaneni ndi mlangizi wovomerezeka wa za maviza. Mukhoza kuyamba ndi a bungwe la ophunzira pa sukulu yanu kapena kuimbira UKCISA, bungwe lolangiza ophunzira ochokera kunja, ndipo mufunse kaye ngati zimene munene zidzafike ku ofesi ya yunivesite imene imanena ku Home Office.