Momwe mungadziwire ngati njira yanu ya foreksi ili ndi phindu

Anyamata ambiri a ku Chinamwali ndi ku Matawale amene alowa foreksi amakonda kufunsana kuti "umawina kangati?" Funso limeneli palokha silikuuzani kanthu. Pafunika manambala atatu oyendera limodzi: mumawina kangati, mukawina mumapeza zingati, mukaluza mumataya zingati.

Choyamba, tsegulani History mu MetaTrader, mukopere matiredi onse otsekedwa mu Excel kapena mu kope. Akhale a njira imodzi, ndipo musasankhe okoma okha. Tiyerekeze ndi 50: mwawina 20, mwaluza 30. Ndiye kuti mumawina 40 peresenti.

Chachiwiri, pezani avereji ya zowina ndi avereji ya zoluza. Apa ndi pamene ine zinandisokonekera, ndiye ndifatsapo. Tinene kuti pa tiredi iliyonse mumaika Stop Loss poti mutaye madola 5, Take Profit poti mupeze madola 10. Kuwerengetsa kwake nkotere, 0.4 akuimira 40 peresenti yowina ndipo 0.6 akuimira 60 peresenti yoluza:

```
(0.4 × 10) − (0.6 × 5) = +1
```

Dola imodzi pa tiredi iliyonse, zooneka bwino ndithu. Koma 10 ndi 5 amenewa ndi zomwe munkalakalaka polowa, si zomwe zinachitika. Mtengo ukakwera pang'ono mtima umagunda, mumatseka msanga. Ukatsika mumasuntha Stop Loss poganiza kuti ubwerera. Pamwamba pake pali sipuredi, komwe ndi kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira, ndi komishoni ya bulokala. Mukaphatikiza ndalama zenizeni, mwina matiredi 20 aja abweretsa madola 140, kutanthauza 7 iliyonse, pamene 30 aja adya 165, kutanthauza 5.50 iliyonse.

```
(0.4 × 7) − (0.6 × 5.5) = −0.5
```

Kuwina nkomwe kuja, koma akaunti yachepa ndi madola 25. Ndi manambala amenewa mufunika kuwina 44 peresenti kuti mungobweza mpamba, pomwe mukanatsatira 10 ndi 5 aja, kamodzi pa katatu kakanakwana. Chizindikiro chakuti mumatseka msanga n'chakuti mukayang'ana zowina zanu, zambiri zinatsekedwa ndi dzanja mtengo usanafike pa Take Profit.

Chenjerani ndi ogulitsa masiginolo pa WhatsApp amene amati amawina 90 peresenti. Afunseni avereji ya zoluza asanalandire ndalama yanu. Wowina dola imodzi ka 9 n'kuluza madola 10 kamodzi ali pa ngongole, ngakhale zithunzi zake zili mbwee ndi zowina.

Chomaliza ndi kuchuluka kwa matiredi. Khumi sangakuuzeni zoona, chifukwa amene amawina 40 peresenti kuluza kasanu motsatizana si zachilendo. Pitirizani pa akaunti ya demo mpaka mudutse 100, muwerengetsenso. Yankho likakhalabe pansi pa ziro, musawonjezere ndalama.