Momwe mungasankhire mipando, madengu ndi sopo kwa amisiri akwanu

Tebulo la kalipentala likhoza kukhalitsa kuposa lochokera kunja, bola matabwa ake akhale ouma bwino. Katundu wambiri wopangidwa pamanja amawonongeka msanga chifukwa mmisiri anafulumira kugulitsa asanaume.

Yambani ndi kupeza mmisiri mwiniwakeyo, osati wongogula n'kugulitsa. Mukaona tebulo labwino kwa mnzanu, funsani amene analikhoma komanso zaka zimene latha. Kenako pitani komwe amagwirira ntchito mukaone katundu wosapaka vanishi, pakuti vanishi amabisa zambiri.

Tinene kuti mukufuna tebulo lodyera la mlombwa. Nyamulani thabwa limodzi. Laliwisi limalemera, limazizira m'manja, ndipo mukaligogoda silimveka kuti ngwee. Thabwa likamauma limachepa m'lifupi, osati m'litali, choncho tebulo la matabwa aawisi limatsegula mipata pamwamba pakapita miyezi ingapo, mwinanso kupindika. Onaninso mtundu wake. Pakati pa mlombwa m'pofiirira ndipo chiswe sichilimbana napo, koma mbali yoyera ya kukhungwa imafumbwa. Ena amapaka paini mankhwala ofiirira n'kumati ndi mlombwa. Dinani ndi chikhadabo kunsi kwake: paini ndi wofewa, chikhadabo chimalowa.

Mukatero litembenuzeni tebulolo miyendo m'mwamba. Mwendo wabwino umabooledwa, thabwa la m'mbali n'kulowetsedwa m'bowomo ndi guluu. Ngati mukuona misomali yokhayokha, lisiyeni, lidzayamba kugwedera posachedwa. Liimikeni pa simenti yosalala n'kulikankha pakona. Mpando ukhaleni ndithu, mutsamire kumbuyo, mumve ngati ukulira. Popereka oda, gwirizanani mtundu wa matabwa ndi miyezo, mulembe papepala, ndipo ndalama yomaliza mupereke mutaona katunduyo asanapakidwe vanishi.

Dengu silivuta kuyesa. Ligogodeni pansi. Kukagwa kaufa koyera, kapena mukaona timabowo pansungwi, tizilombo talowa kale. Lozetsani kudzuwa muone ngati malukidwe ake ndi othithikana, ndipo kokani mkombero, chifukwa dengu limayambira pamenepo kumasuka.

Sopo ndiye amafuna kusamala, popeza amakhudza khungu. Wopangidwa ndi mafuta ndi kositiki soda osaphika amayenera kukhala milungu 4 mpaka 6 asanagulitsidwe, choncho funsani tsiku limene anapangidwa. Wokhwima amalimba ndipo chala sichilowa. Wofewa amasungunuka m'masiku ochepa. Kaufa koyera pamwamba sikoopsa, kamachoka ndi madzi, koma timibulu toyera m'kati kapena fungo la mafuta oola ndi zizindikiro zoipa. Gulani mmodzi kaye musambe m'manja. Akamayabwa kapena kuwotcha, ndiye kuti soda anachuluka, ndipo ameneyo asafike kumaso kapena pathupi la mwana.