Kiyi wa nkhokwe ya mapasiwedi asakhale ndi munthu mmodzi

Tiyerekeze kuti mu ofesi mwanu muli anthu asanu ndi atatu, ndipo mapasiwedi a kubanki ndi a imelo ya bungwe ali m'kope la akauntanti. Mwaganiza zosamukira ku Bitwarden, pulogalamu yosungira mapasiwedi. Musathamangire kuitana anthu, yambani mwamanga zipinda.

Zipindazi pa Bitwarden amazitcha Collections. Zitatu zikukwanirani: cha ndalama, cha imelo ndi masamba a mchezo, ndi cha makina monga rauta ndi pulinta. M'chipinda cha ndalama mulowe anthu awiri okha. Lamulo likhale loti pasiwedi iliyonse ya ntchito izisungidwa m'chipinda cha bungwe, osati m'nkhokwe ya munthu payekha, chifukwa zimene wasunga kwake amapita nazo tsiku losiya ntchito. Pali chilolezo choti munthu azigwiritsa ntchito pasiwedi osaiona, koma musachidalire kwambiri. Wodziwa kompyuta akhoza kuiona ikadzilemba yokha pa tsamba. Choncho wina akachoka, mchotseni tsiku lomwelo, kenako sinthani mapasiwedi onse a m'zipinda zimene ankalowa.

Pamene ambiri amagwa ndi apa. Pasiwedi yaikulu yotsegulira nkhokwe, eni ake a Bitwarden saidziwa, ndiye mukaiiwala sangakubwezereni. Ngati udindo wa Owner, mwini wa akaunti ya bungwe, uli ndi bwana yekha, iye n'kugonekedwa m'chipatala malipiro atayandikira, mugwira njakata. Ikani anthu awiri pa udindowu.

Kenako aliyense wa awiriwa atsegule Emergency access, njira yoti wina alowe mu akaunti yake pakagwa zadzidzidzi, ndi kuitana munthu womudalira. Mukasankha View, mnzanuyo amangoona za m'nkhokwe yanu. Mukasankha Takeover, amaika pasiwedi yaikulu yatsopano n'kutenga akaunti yonse. Mumaikanso masiku odikira: iye akapempha kulowa, inu mumalandira imelo, ndipo mukapanda kukana mpaka masikuwo atatha, chitseko chimatseguka chokha. Ine ndimalangiza masiku awiri. Tsiku limodzi likhoza kukudutsani muli kumaliro kumudzi kopanda netiweki, pomwe sabata yathunthu ndi yaitali anthu akudikira malipiro.

Chenjerani ndi kanthu kamodzi. Mnzanu akavomera kuitana kwanu, ntchito sinathe. Muyenera kubwerera n'kudina Confirm, mutafananitsa naye mawu otsimikizira amene akuoneka pa sikirini, pamaso kapena pa foni. Mukaiwala, dzina lake limaoneka pamndandanda koma sangapemphe kalikonse.

Amene wayatsa chitetezo chachiwiri cha pa foni, chija chofuna khodi ya pa foni kuwonjezera pa pasiwedi, asindikize khodi yake yobwezera, aiike mu envelopu yomata, itsekeredwe mu sefa. Foni ikabedwa, pepalalo ndi limene lidzamulowetse.

Musanalengeze kuti mwasamuka, yeserani. Womudalira uja apemphe kulowa Lolemba, muone ngati imelo yafika, kenako mukane pempholo. Yeserani ndi View, chifukwa Takeover ikadutsa imachotsa chitetezo chachiwiri pa akauntiyo, ndipo muyenera kuchiikanso.