Momwe mungawerengere inshuwalansi ya galimoto yanu musanalipire

Eni galimoto ambiri kuno ku Mangochi akapita kukadula inshuwalansi amafunsa funso limodzi lokha: "Ndi zingati?" Funso la ekisesi amalikumbukira galimoto ili kale ku galaja, pamene kalata yabwera yonena kuti mwa ndalama zokonzetsera, gawo lina alipire okha. Apo m'pamene pamabuka mkangano, chonsecho zonse zinali papepala lomwe anasayina. Nazi zoyenera kuchita musanatulutse ndalama.

Choyamba, dziwani mtundu wa inshuwalansi yomwe mukugula. Ya thedi pate, yomwe lamulo la pamsewu limakakamiza galimoto iliyonse kukhala nayo, imalipira anthu ena amene mwawavulaza kapena kuwaonongera katundu, mpaka malire olembedwa pachikalata. Galimoto yanu siikonza ayi. Yokonza galimoto yanu ndi ya kompulehensivu, ndipo nkhani ya ekisesi imaluma kwambiri pamenepo.

Pulimiyamu ndi ndalama yomwe mumalipira pachaka, kaya mwachita ngozi kaya ayi. Ekisesi ndi gawo loyamba la chiwonongeko lomwe mumasenza nokha nthawi iliyonse mukapempha chipukutamisozi. Pa zikalata zina, makamaka za nyumba, malo ogona alendo ndi maboti, mupeza mawu oti didakitibo. M'thumba mwanu ziwirizi zimagwira ntchito mofanana: kampani imalipira zotsala ikachotsa gawo lanulo.

Chachiwiri, mvetsani chimene kampani ikuika pamtengo. Siikuyesa galimoto yanu yokha, ikuyesa gulu la magalimoto ofanana ndi yanu: amachita ngozi kangati pachaka, ndipo ngozi iliyonse imadya ndalama zingati. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza kuti masamu aoneke.

Tinene kuti kampani ili ndi magalimoto 100, iliyonse ya K10,000,000. M'chaka chimodzi magalimoto 20 aphwanyika pang'ono, bampala kapena nyali, K300,000 iliyonse. Pamodzi ndi K6,000,000. Ena 5 achita ngozi zazikulu za K3,000,000 iliyonse, zomwe ndi K15,000,000. Imodzi yatheratu kapena yabedwa, K10,000,000. Zonse pamodzi ndi K31,000,000, ndipo mukagawira eni ake 100 aja, aliyense zikumugwera K310,000. Pamwamba pake kampani imaonjezera malipiro a antchito, komishoni ya ejenti, ndalama yomwe nayonso imalipira makampani akuluakulu oiteteza pakagwa tsoka lalikulu ngati namondwe Freddy wa mu 2023, komanso phindu lake. Pulimiyamu yanu imachokera pamenepo.

Tsopano muikepo ekisesi ya K300,000. Ngozi zing'onozing'ono 20 zija kampani sikulipiranso, yapulumutsa K6,000,000. Pa zazikulu 5 zija ndi imodzi yotheratu ija ichotsa K300,000 iliyonse, yapulumutsanso K1,800,000. Chotsala ndi K23,200,000, kapena K232,000 pa galimoto. Taonani bwino: mwavomera kusenza K300,000, koma mtengo watsika ndi K78,000 yokha, chifukwa eni galimoto ambiri m'gululo sachita ngozi chaka chimenecho. Ekisesi ikakwera pulimiyamu imatsika ndithu, koma osati mofanana. Kampani imafunanso ekisesi pa zifukwa zina ziwiri. Kutumiza woyesa chiwonongeko kudzaona bampala yong'aluka kumadya ndalama zambiri poyerekeza ndi bampalayo, komanso dalaivala amene akudziwa kuti alipirako amayendetsa mosamala.

Chachitatu, pemphani mitengo iwiri kapena itatu yolembedwa, iliyonse ndi ekisesi yake, ndipo muwerenge chonchi. Mtengo woyamba: pulimiyamu K500,000, ekisesi K100,000. Wachiwiri: pulimiyamu K430,000, ekisesi K300,000. Mukasankha wachiwiri mupulumutsa K70,000 pachaka, koma tsiku la ngozi mulipira K200,000 yoonjezera. Pafunika zaka pafupifupi zitatu zopanda ngozi kuti zomwe mwapulumutsazo zikwanire kusiyanako. Kwa mphunzitsi amene galimoto yake imangoyenda pa boma ndi kutchalitchi kapena kumzikiti, wachiwiriwu ungamukomere. Kwa amene tsiku lililonse akutsika mapiri a ku Namwera kapena akulimbana ndi njinga za kabaza, mbuzi ndi ng'ombe mumsewu wa ku Monkey Bay, ine ndingamuuze atenge woyamba. Ndipo ekisesi yomwe simungaipeze mkati mwa sabata imodzi musaivomere, chifukwa magalaja ambiri satulutsa galimoto mwini wake asanalipire gawo lake.

Muonenso momwe ekisesiyo yalembedwera. Nthawi zambiri siikhala nambala imodzi, imakhala peresenti yokhala ndi malire a pansi, mwachitsanzo 10 peresenti ya chiwonongeko koma osachepera K200,000. Pamenepo ngozi ya K3,000,000 mulipira K300,000, ya K800,000 mulipira K200,000 osati K80,000, ndipo ya K150,000 simulandira kanthu. Zikalata zambiri zimakhalanso ndi ekisesi yoonjezera ngati woyendetsa ndi wachinyamata kapena laisensi yake ndi yatsopano, ndipo imasanjikizana ndi yoyambayo. Ngati mwana wanu amayendetsako, funsani mwachindunji kuti akachita ngozi iyeyo mulipira zingati zonse pamodzi.

Chachinayi, lembetsani mtengo weniweni wa galimoto. Apa m'pamene anthu osamala ndalama amadzipweteka. Pulimiyamu ya kompulehensivu kawirikawiri imawerengedwa ngati peresenti ya mtengo womwe mwalembetsa, ndiye ena amatsitsa dala mtengowo. Ena satsitsa dala, amangobwereza nambala yakale, chonsecho kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo magalimoto ndi zipangizo zake, zomwe timagula kunja, zinakwera. Ngati galimoto ya K10,000,000 mwailembetsa K6,000,000, mwalipirira 60 peresenti yokha ya chiopsezo, ndipo zikalata zambiri zimalola kampani kulipira gawo lomwelo. Pa ngozi ya K3,000,000 iwerengera K1,800,000, kenako ichotsepo ekisesi. Ndalama yoposa K1,200,000 ituluka m'thumba mwanu. Kukweza mtengo mopitirira nakonso n'kutaya ndalama, chifukwa galimoto ikatheratu kampani imalipira mtengo wake wa pamsika tsiku la ngoziyo.

Chachisanu, nenani zoona za ntchito ya galimoto. Sienta yonyamula anthu olipira pakati pa Mangochi ndi Liwonde imayenda maulendo ambiri, imadzaza, ndipo mwayi wa ngozi ndi waukulu, choncho ili m'gulu lina la mtengo. Mukailembetsa ngati ya pakhomo kuti pulimiyamu ichepe, lipoti la apolisi likadzanena kuti munali apaulendo olipira, kampani ili ndi mphamvu yokana kukonza galimotoyo. Pamenepo simutaya ekisesi yokha, mutaya zonse. Chimodzimodzi dalaivala wopanda laisensi yoyenera kapena woledzera.

Ngozi ikachitika, jambulani zithunzi pamalopo, tengani lipoti la apolisi, ndipo dziwitsani kampani mwamsanga, mkati mwa masiku olembedwa pachikalata, musanayambe kukonzetsa. Ngati chiwonongeko changopitirira ekisesi pang'ono, funsani kaye kuti kupempha chipukutamisozi kukutayitsani zingati pa ndalama yomwe kampani imachotsa pa pulimiyamu ya amene sanachite ngozi, chifukwa nthawi zina kukonzetsa nokha n'kotchipa. Kampani ikakana kulipira, pemphani chifukwa chake m'kalata, ndi ndime ya chikalata yomwe yatsamira. Ngati simukukhutira, dandaulo limapita ku Reserve Bank of Malawi, komwe kuli ofesi yoyang'anira makampani a inshuwalansi, ndipo mutenge kalatayo, chikalata chanu, risiti ya pulimiyamu ndi lipoti la apolisi.