Kuwerenga tchati: makina asokonekeradi kapena ayi?

"Timadontho ta kulemera kwa mapaketi a shuga timangokwera n'kutsika pa tchati. Ndidziwa bwanji kuti makina asokonekeradi?"

Musanayambe, sikelo ikhale yoyesedwa bwino, ndipo malire a pamwamba pa tchati, otchedwa UCL, ndi a pansi, otchedwa LCL, akhale ochokera ku magulu 20 mpaka 25 a mapaketi asanuasanu. Tinene kuti pa tchati cha avereji, pomwe kadontho kalikonse ndi avereji ya kulemera kwa gulu limodzi, mzere wapakati uli pa magalamu 1005, UCL pa 1011, LCL pa 999.

1. Yambani ndi tchati cha R, chosonyeza kusiyana kwa paketi yolemera kwambiri ndi yopepuka kwambiri m'gulu. Icho chikasokonekera, malire a tchati cha avereji musawakhulupirire.

2. Pa tchati cha avereji, onani ngati pali kadontho kodumpha malire. Kamodzi kokha, monga 1013, nkokwanira kuti mufufuze, chifukwa makina ali bwinobwino zimenezi zimachitika mwangozi pafupifupi kamodzi pa timadontho 370.

3. Werengani totsatizana. Tisanu ndi titatu tikakhala mbali imodzi ya 1005, kapena tisanu ndi kamodzi tikamangotsika, kudzaza kwasuntha ngakhale tonse tili m'kati mwa malire.

4. Ngati palibe zizindikirozi, makinawo asiyeni. Ambiri amalakwitsa pano. Akaona 1002 amathamangira kuwonjezera, kenaka 1008 ikabwera amachepetsa, mapeto ake mapaketi amasiyana kuposa kale. Komanso musasokoneze UCL ndi LCL ndi malire amene wogula amafuna, nzosiyana.

5. Chizindikiro chikaoneka, yezaninso kaye, kenaka funsani chomwe chinasintha pa ola limenelo: shifiti, shuga wachinyontho, kapena potulukira shuga patsekeka. Lembani pa tchati pomwepo musanakhudze makina.