Momwe mungaphatikizire mabuku a gulu la makampani osawerenga ndalama kawiri

Makampani ngati Press Corporation, yomwe ili ndi masheya oposa theka mu National Bank of Malawi, amatulutsa lipoti limodzi la chuma cha gulu lonse potsatira ndondomeko ya padziko lonse ya kalembedwe ka mabuku a chuma yotchedwa IFRS 10. Mu lipoti limeneli gulu lonse limatengedwa ngati kampani imodzi, ndipo kampani singadzigulitse katundu kapena kudzikongoza yokha.

Tiyerekeze kuti kampani yaikulu ili ndi masheya 80 pa 100 alionse mu kampani yaing'ono. Yambani ndi kuphatikiza mzere ndi mzere, ndipo za yaing'ono mutenge zonse, osati 80 peresenti yokha.

Kenaka malonda apakati pawo. Yaing'ono inagula simenti pa K40 miliyoni n'kugulitsa kwa yaikulu pa K50 miliyoni. Chotsani K50 miliyoni pa zogulitsa, muchotsenso yomweyo pa mtengo wa katundu wogulitsidwa.

Pomwe panativuta ife mpaka odita kutibwezera mabuku ndi apa: simenti yotsala. Pa 31 Disembala theka la matumba aja linali likadali m'nyumba yosungira katundu ya kampani yaikulu, litalembedwa K25 miliyoni, pamene gulu linagula pa K20 miliyoni. K5 miliyoni imeneyo ndi phindu lapapepala chabe, chifukwa palibe munthu wakunja amene walipira. Ichotseni pa mtengo wa sitoko, muiwonjezere pa mtengo wa katundu wogulitsidwa. Manambalawa musangowatenga m'kompyuta, funsani mapepala owerengera sitoko ndi ma invoisi ake. Ogulitsa mapulogalamu ena amalonjeza kuti zonse zizichotsedwa zokha, n'kutchaja ndalama zambiri, koma pulogalamu siidziwa thumba lomwe linachokera kwa kampani inzanu ngati munthu sanalilembe.

Tsopano funsani kuti wagulitsa ndani, chifukwa yankho lake limakhudza eni masheya 20 peresenti aja amene salamulira kampani. Pano wagulitsa ndi yaing'ono, choncho phindu lake la chaka, tinene K30 miliyoni, litsika kufika pa K25 miliyoni. Gawo lawo ndi K5 miliyoni, osati K6 miliyoni. Akanakhala kuti wagulitsa ndi yaikulu, K5 miliyoni yonse ikanachoka kwa eni a yaikulu, enawa n'kulandira K6 miliyoni yawo.

Ngongole zapakati pawo zimachotsedwa mbali zonse ziwiri, koma ziyambe zafanana. Yaing'ono ikamati iyembekeza K20 miliyoni pamene yaikulu ikuvomera K17 miliyoni, kawirikawiri K3 miliyoni inalipiridwa kumapeto kwa mwezi koma sinafike. Ilembeni ngati ndalama zomwe zili pa njira, kenaka chotsani K17 miliyoni uku ndi uku.

Gawo la eni masheya ochepa mulionetse pamzere wakewake: pansi pa phindu la chaka, komanso mu balansi shiti pamodzi ndi chuma cha eni kampani, osati pa ngongole. Chiwongoladzanja, lendi ndi madividendi apakati pa makampani awiriwa muchotsenso mbali zonse ziwiri.