Momwe mungagulire tikiti ya ndege ya wodwala amene sangathe kukwera masitepe

Amayi anga amadwala matenda a shuga, ndipo mawondo awo anafooka moti amayenda pang'onopang'ono pamalo osalala koma sangathe kukwera masitepe. Ndawakonzera maulendo angapo a pandege, ndipo zimene ndikulemba pano ndinaziphunzira pa ulendo woyamba, umene unatipweteka.

Yambani ndi kusankha njira musanayang'ane mtengo. Ngati pali ndege yopita molunjika, tengani imeneyo. Ngati palibe, onetsetsani kuti ulendo wonse uli pa tikiti imodzi, ndipo ine ndimasiya maola osachepera 3 pamalo osinthira ndege, chifukwa wofuna thandizo amatsika pomaliza anthu onse atatuluka. Maejenti ena amadula ulendo kukhala matikiti awiri kuti mtengo uoneke wotsika, osakuuzani kuti mudzafunika kutenga katundu ndi kulembetsanso pakati pa njira, ndiponso kuti ndege yoyamba ikachedwa, kampani yachiwiri sikakamizika kukupezerani malo ena. Ndalama yopulumuka pamenepo ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi kutopa kwa wodwala.

Pa nkhani yopempha njinga ya olumala ndi pamene ndinalakwitsa. Ndinangouza ejenti kuti, “Amayi adzafuna njinga,” iye n'kuvomera, ine n'kukhazika mtima pansi. Sindinadziwe kuti makampani a ndege amalemba pempholi ndi zilembo zinayi, ndipo pali mitundu itatu. WCHR ndi ya munthu amene sangayende mtunda wautali koma masitepe angakwere. WCHS ndi ya amene sangakwere masitepe koma angayende yekha kukafika pampando wake. WCHC ndi ya amene sangayende n'komwe, wofunika kutengedwa mpaka pampando. Ejenti uja analemba WCHR. Pabwalo loyamba sitinazindikire kanthu popeza tinalowa m'ndege kudzera pa kanjira kolumikiza ndegeyo ndi nyumba. Koma pabwalo losinthira, ndege inaima patali, basi inatisiya m'munsi mwa masitepe, ndipo wokankha njinga anati ntchito yake yathera pomwepo. Galimoto yokweza odwala mpaka pachitseko cha ndege sinaitanidwe, chifukwa zolembedwa zinkasonyeza kuti amayi angakwere okha. Tinaidikira nthawi yaitali pamphepo, amayi akundiuza kuti, “Mwanawe, usadandaule,” pamene ineyo ndinkaona kuti akunjenjemera.

Choncho tchulani zilembozo nokha, ndipo mukatero tsegulani tsamba la kampani ya ndege, muone ndi maso anu ngati zalembedwa pa chigawo chilichonse cha ulendo, popita ndi pobwerera pomwe. Pa tikiti yang'ananinso mawu akuti “operated by”, amene amasonyeza kampani yoyendetsa ndegeyo. Nthawi zambiri kampani yogulitsa tikiti si imene imayendetsa ndege zonse, ndipo pempho likhoza kusokonekera pakati pa makampani awiriwo. Imbirani imene ikuyendetsa ndegeyo. Makampani ambiri amafuna kudziwitsidwa kudakali maola osachepera 48, ndipo thandizo la njinga pabwalo sililipiritsidwa pa makampani ambiri, choncho ejenti akakuuzani mtengo wake, funsani kaye ku kampaniyo musanapereke kanthu.

Ngati wodwala wachitidwa opaleshoni posachedwapa, ali ndi vuto la mtima kapena mapapo, kapena amagwiritsa ntchito makina a okosijeni, kampani ingafune fomu yotchedwa MEDIF, imene dokotala wake amadzaza. Chifukwa chake n'chakuti mpweya wa m'ndege umafanana ndi wa paphiri lotalika mamita 1,800 mpaka 2,400, ndipo okosijeni wofika m'magazi amachepa. Pa makinawo, makampani ambiri amafuna mabatire okwanira nthawi ya ulendo ndi theka lake, kutanthauza maola 12 pa ulendo wa maola 8, ndipo mabatire apadera amayenda m'chikwama cha m'manja.

Mankhwala onse akhalenso m'chikwama cha m'manja, m'mapaketi ake enieni, pamodzi ndi kalata ya dokotala yotchula dzina la mankhwala, mlingo wake ndi masingano. Insulini isapite ndi katundu wa pansi pa ndege, chifukwa ikhoza kuundana n'kuwonongeka, kapenanso sutikesi ikhoza kusochera. Malire a mamililita 100 pa zamadzimadzi za m'chikwama cha m'manja sakhudza mankhwala ofunika pa ulendo, koma muwaonetse kwa achitetezo musanafunsidwe. Mankhwala amphamvu othetsa ululu, monga kodini ndi tiramadolo, ndi oletsedwa kulowa nawo popanda chilolezo m'maiko ena, monga United Arab Emirates, ndipo muyenera kufunsa ku ofesi ya kazembe wa dziko limene mukupita, ndi ya dziko losinthira ndege lomwe.

Zotsalazo ndi zachidule. Pemphani mpando wa m'mbali mwa njira, pafupi ndi chimbudzi, podziwa kuti wodwala sapatsidwa mpando wa pakhomo lotulukira pangozi. Dokotala akuuzeni momwe nthawi ya jakisoni isinthire ngati maola akusiyana ndi a kumene mukupita, ndipo mutenge chakudya chanu chochepa kuopa kuti cha m'ndege chingachedwe. Kukatsala tsiku limodzi, imbaninso kuti akuwerengereni zilembo zinayi zija.